Amayi a Zaka Sikisi

Amayi anga ali ndi zaka 32, ine ndili ndi 17. Masamu amenewa ndinawadziwa kalekale, koma ndinali ndisanawaonepo atalembedwa pagulu mpaka tsiku lokumbukira kubadwa kwawo chaka chino.

Linali Lachiwiri. Tinali titangomaliza mayeso otsiriza a sekondale, tikudikira zotsatira, ndiye masiku anga onse ankathera ku saluni ya amayi. Ndi kachipinda kamodzi, kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya telala. Muli magalasi awiri, lina long'aluka pakona, mipando itatu, beseni lotsukira mitu ndi chowumitsira tsitsi chimene chikayamba kulira anthu amalankhulana ndi manja. Amayi amaluka limodzi ndi mnzawo wa kalekale amene aliyense amamutchula kuti a Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amakatseka potseka chitseko. Ine amanditcha Kachete. Chifukwa chake sichisowa kufotokoza.

Ntchito yanga inali kusesa tsitsi, kumasula malukidwe akale ndi kujambula. Mutu ukatha kulukidwa, ndinkaimika kasitomala pakhomo pamene pali kuwala, ndikujambula kumbuyo ndi m'mbali, kenako ndikuika zithunzizo pa tsamba la amayi la pa intaneti. Tsambalo analitsegula okha, m'dzina lawo, chaka chimene anayamba saluni. Panali zithunzi zoposa chikwi. Koposa zonse panali mauthenga. Amayi alibe kabuku kolembamo makasitomala. Mkwatibwi akafuna kulukidwa amatumiza chithunzi cha mutu umene waufuna, natchula tsiku, ora ndi chiwerengero cha omuperekeza, amayi nkuyankha ndi mawu ojambulidwa chipeso chili kukamwa. Zonse zimakhala mmenemo. Akafuna kudziwa za Loweruka amangotsegula foni.

Tsiku limenelo tsamba linalengeza lokha kwa onse owatsatira kuti amayi akukwanitsa zaka 32. Makasitomala anatumiza timitima ndi timaluwa. A Wailesi anagula zakumwa ziwiri tinagawana atatu. Ine ndinali wosangalala mpaka foni yanga itayamba kunjenjemera m'thumba.

Linali gulu la kalasi yathu. Mtsikana wina amene tinkamutcha Monita, chifukwa ndiye ankalemba mayina a olongolola, anali atajambula chilengezocho nkuchiponya pagulu.

"Kachete, awa ndi mayi ako kapena mkulu wako?"

Wina anayankha: "32 kuchotsa 17 yatsala 15. Akanafunsa limeneli pa mayeso bwenzi nane ndakhoza masamu."

"Pa zaka 15 ine ndinkagonabe ndi chidole."

"Ena ankagona ndi zina."

Kenako mnyamata wina, amene ndinakhala naye desiki limodzi chaka chathunthu ndipo ndinkamubwereka rula, analemba kuti, "Samalani naye Kachete. Make mbuu, mwana mbuu." Pansi pake panadzaza tinkhope toseka, mzere wonse.

Sindinayankhe. Sindinatulukenso pagulupo, chifukwa ukatuluka zimaoneka. Ndinangobweza foni m'thumba nkupitiriza kusesa pamalo posesa kale. Amayi anali ataimirira kumbuyo kwa kasitomala, zala zikuthamanga, akuseka nthabwala ya a Wailesi. Ndinawayang'ana pagalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona zimene anthu ena amaona: nkhope yopanda khwinya, thupi la mtsikana, ndolo zazikulu. Ndinalakalaka akanakhala ndi imvi ngakhale imodzi.

Mawa lake masana kunalibe anthu ambiri. Amayi anapita kukagula mankhwala a tsitsi nkundisiyira foni yawo kuti ndiike zithunzi za dzulo. A Wailesi anali panja, akufotokozera telala za mwamuna wa munthu wina. Ndinatsegula tsamba, ndinalowa pamene pamakhala za mwini wake, ndinapeza tsiku lobadwa.

Poyamba ndinafuna kuwaonjezera zaka khumi. Chala chinafika pa chakacho, koma ndinaima. Limenelo likanakhala bodza lenileni, ndipo ine ndinaleredwa moopa bodza. Ndiye ndinapeza nzeru ina, imene panthawiyo ndinaiona ngati ya munthu wopita kusukulu. Ndinati tsamba limeneli kwenikweni ndi la saluni. Zithunzi ndi za saluni, mauthenga ndi a saluni. Nanga saluniyo ilibe tsiku lobadwa? Lilipo, ndipo lalembedwa pa chiphaso chopachikidwa pamwamba pa galasi. Ndinakwera pampando, ndinaliwerenga, ndinalilemba. Linali la zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Foni inandifunsa. Pamenepa ndi pamene pamandipweteka kwambiri ndikakumbukira. Kanatuluka kabokosi kolembedwa m'Chingerezi kuti tsiku limeneli likusonyeza kuti muli ndi zaka 6, kodi ndi zoona? Ine ndinamwetulira. Ndinaganiza za Monita akuyesa kuchotsa 17 pa 6. Ndinadina kuvomera.

Tsamba lonse linazimiririka. Panatsala poyera ndi mawu ochepa. Ankati akaunti yatsekedwa chifukwa tsiku lobadwa likusonyeza kuti mwini wake sanakwane zaka 13, zimene ndi zaka zochepetsetsa zololedwa. Ankati ngati pali cholakwika, mwini wake atsimikizire zaka zake ndi chitupa pasanathe masiku 14, apo ayi akaunti idzafufutidwa pamodzi ndi zonse zili mmenemo.

Ndinadina chobwerera m'mbuyo. Palibe. Ndinazimitsa foni nkuyatsanso. Mawu omwewo. Ndinafufuza pamene ndingakonze tsikulo, koma malowo anali mkati mwa nyumba imene ndinali nditadzitsekera kunja. Pa foni yanga ndinasaka dzina la amayi, silinapezeke. Zinali ngati sanakhalepo.

Amayi atabwera ndi jumbo ya mankhwala, anatenga foni, anaiyang'ana, anaibweretsa pafupi ndi nkhope.

"Kachete, tandiwerengera. Akuti chiyani apa?"

Amayi amawerenga bwino chinenero chathu, koma Chingerezi chachitali chimawathawa. Sukulu anaisiyira panjira, ndipo chimene anaisiyira ndine. Papepala lililonse la Chingerezi lobwera pakhomo pathu, la kuchipatala, la eni nyumba, la magetsi, amandiitana ine. Amanyadira zimenezo. Amauza makasitomala kuti, "Ine maso anga a Chingerezi ndi awa akusesawa."

Ndinalandira foni, ndinachita ngati ndikuwerenga koyamba.

"Akuti akukonza makina awo. Libwerera lokha."

"Liti?"

"Sananene."

"Anthu amenewa," anatero, nkuika foni pa shelefu ya mafuta.

Lachinayi makasitomala amene anali ndi nambala yawo anayamba kuimba. Tsamba lanu lapita kuti, mwatseka saluni kodi, ndakutumizirani uthenga sukupita. Amayi ankayankha kuti akukonza, libwera. Ankabwereza mawu anga enieni, ndipo nthawi iliyonse akawanena ndinkamva ngati ndameza chipeso.

Loweruka zinthu zinasokonekera. Amayi ankakumbukira kuti kuli mkwatibwi mmodzi wa m'mawa, koma anali awiri. Wachiwiri anafika ndi omuperekeza asanu nthawi imene woyamba anali pakati pa mutu. Anati anatumiza chithunzi ndi ora mwezi wathawo, amayi anavomera, ndipo umboni wake uli pa tsamba. Apongozi ake a mkwatibwiyo anaimirira pakhomo atagwira m'chiuno.

"Amayi, ukwati sudikira tsitsi. Abusa akayamba ayamba."

"Pepani, khalani pansi, tithana nazo."

"Tikhale pati? Pamutu panu?"

Tinaluka atatu, ine ndi manja anga osazolowerawa. Omuperekeza awiri anatopa kudikira, anawoloka msewu kupita ku saluni ya a Mawigi, amene amayang'anizana nafe. Pomaliza zala za amayi zinali zitatupa moti mphete sinkatuluka. Anaziviika m'beseni la madzi ozizira, maso atatseka.

A Wailesi ankayang'ana kutsidya kwa msewu.

"Mnzanga, iwe ndiwe wogona. Kukonza kwanji kwa masiku anayi? Ena onse masamba awo akuyenda. La telala likuyenda. La mwana wa mchemwali wanga, amene amangoikapo milomo yake, likuyenda. Lako lokha ndiye lofunika kukonza? Pali munthu wachita zimenezi."

"Ndani angandichite zotero?"

"Amene wadya makasitomala ako awiri lero ndani?"

Amayi asanayankhe, a Wailesi anali atatuluka kale, thawulo lili paphewa. Anaima m'mbali mwa msewu nkuyamba kulankhula ndi mpweya, koma mpweya wake wolunjika khomo la a Mawigi. Anati kuli anthu ena manja awo ngolemera ngati makasu, ndiye poti kuluka kwawakanika ayamba ufiti wa pa foni. Anati wigi imabisa dazi koma sibisa nsanje. A Mawigi anatuluka lumo lili m'manja, anafunsa ngati mawuwo ndi awo. Telala anaimitsa makina. Anthu a pa sitolo ya mankhwala anatulutsa mitu.

Ine ndinali mkati, tsache lili m'manja. Ndikanangoti, siyani, ndine. Koma ndinaona kuti adzafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo yankho lake sindikanatha kulinena pamaso pa amayi. Ndinapitiriza kusesa.

Lolemba ndinayesa kuzikonza ndekha. Amayi ali kutsuka mutu wa kasitomala, ndinatsegula chikwama chawo chimene amachikoleka kuseri kwa chitseko. Sindinalowetsepo dzanja m'chikwama chawo osandituma. Munali fungo la mafuta awo, mapini, mankhwala a mutu, ndi chithunzi changa cha ndili khanda chothimbirira m'mbali. Ndinasolola chitupa, ndinatenga foni yawo, ndinapita kuseri kwa nyumba kumene timayanika matawulo.

Sitepe yoyamba inayenda. Ndinajambula chitupa kumaso ndi kumbuyo, chinalandiridwa. Yachiwiri inafuna nkhope. Kamera inatseguka, panabwera mkombero, ndi mawu oti mwini chitupa aike nkhope yake mmenemo, atembenukire kumanzere, kenako kumanja. Ndinatsegula chithunzi cha amayi pa foni yanga nkuchiika patsogolo pa kamera. Ndinachipendeketsa uku ndi uku ngati chitsiru. Inakana. Ndinaikapo nkhope yanga, poti anthu amati timafanana ngati mapasa. Inaganiza kwa kanthawi, kenako inati nkhope sikugwirizana ndi ya pa chitupa. Inaonjezera kuti mwayi woyesa watsala umodzi.

Ndinabweza chitupa m'chikwama. Pa chitupapo amayi sakumwetulira, ndipo tsiku lawo lobadwa lalembedwa ndi zilembo zakuda zooneka bwino, monga lilili.

Masiku ndinkawawerenga pa kalendala ya kampani ya mafuta a tsitsi imene ili pakhoma. Lachisanu, tsiku lachisanu ndi chinayi, amayi anavula epuloni nthawi ya masana.

"Tiye kwa Dokotala. Ine zondidikiritsa ngati basi yowonongeka zandikwana."

Dokotala si wa anthu. Ndi bambo wokonza mafoni pa kona ya msika, m'kakontena kodzaza mabatire otupa ndi magalasi osweka. Amavala tochi pamphumi ngakhale dzuwa lili pamutu, ndipo foni iliyonse amaitcha wodwala. Njira yonse ndinkapemphera kuti tipeze potseka. Tinapeza potsegula, iye akudya mtedza.

"Asisi, mwabwera ndi wodwala?"

"Tsamba langa, achimwene. Akuti akukonza, koma sabata yatha."

Anapukuta zala pa buluku, analandira foni, anawerenga. Anandiyang'ana ine pang'ono, kenako amayi.

"Anakuuzani ndani kuti akukonza?"

Amayi anangoyang'ana foni ili m'manja mwa Dokotala. Sanatembenukenso kundiyang'ana.

"Apa sakukonza kanthu," anatero Dokotala. "Apa akuti inu ndinu mwana. Wina analowa nkusintha tsiku lanu lobadwa, ndiye kwa iwowa simunakwane zaka 13. Akutsekerani panja."

"Ine mwana? Ndi mwana wanga wamkulu uyu ali apa?"

"Makina saona zimenezo, asisi. Amangoona nambala. Paja m'mayiko ambiri lamulo silola makampani amenewa kusunga zinthu za ana aang'ono popanda chilolezo cha makolo, mayina, zithunzi, komwe ali. Akapezeka nazo amalipitsidwa koopsa. Ndiye ambiri anangodula mzere pa 13. Nambala ikangotsika pamenepo, chitseko chimadzitseka chokha, palibe munthu amakhala pansi kuti aganize."

"Ndiye bwezeranipo tsiku langa, tizipita."

"Zikanakhala choncho bwenzi mwana aliyense akungobweza. Akagwidwa, nkuti pepani ndinalakwitsa, ndine gogo. Ayi. Mukanena nokha kuti ndinu mwana amakukhulupirirani pompo. Mukati ndinu wamkulu amafuna chitupa." Anatsitsa tochi yake nkuyang'anitsitsa. "Ndipo mwachita bwino kubwera. Kwatsala masiku asanu, kenako amafufuta zonse, zithunzi, mauthenga, otsatira. Komanso pali amene wayesa kale kutsegula, walephera. Mwayi watsala umodzi."

Amayi anakhala pa benchi pang'onopang'ono.

"Kachete."

"Ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa zaka sikisi zomwezo. "Ndinaikapo tsiku limene munatsegula saluni. Ndimaganiza kuti poti tsamba ndi la saluni..."

Dokotala anaseka mpaka kutsamwa mtedza. "Zaka zingati saluniyo?"

"Sikisi."

"Asisi, ndiye mwakula msanga. Sikisi koma mukulipira kale lendi." Anapukuta misozi. "Musamukalipire kwambiri. Siwoyamba. Mwezi watha kunabwera mlembi wa kwaya, anaika tsiku limene kwaya inayamba. Wina wophika buledi anaika tsiku limene anagula uvuni. Malo amenewo amafunsa za munthu wogwira foni, osati za bizinesi."

Mapewa a amayi anatsika. Anapumira m'mwamba nkupukusa mutu, ndipo ndinaona kamwetulira kakuyamba.

"Mwana ameneyu. Nzeru zikachuluka zimatayikira. Ndiye umaopa kundiuza? Ukanangonena, Kachete. Ine ndimadya anthu?"

Ndinaweramitsa mutu. Mumtima ndinati zatha, ndapulumuka, ndidzafa nacho chifukwa chenicheni.

Dokotala anawaimika amayi panja pa kontena, nkhope kuloza kuwala. Anapukuta kamera ndi malaya ake, anajambula chitupa pa pepala loyera kuti manambala aoneke. Anawauza kuchotsa ndolo ndi mpango. Amayi anasalaza tsitsi ndi manja, anafunsa ngati amwetulire.

"Monga mulili pa chitupa, asisi. Nkhope ya kumaliro. Tembenukani kumanzere. Kumanzere kwanu, osati kwanga. Bwino. Kumanja. Basi, zapita. Tsopano aziona okha, mwina masiku awiri, mwina atatu. Musadinenso kanthu."

Akubweza foni, anatembenukira kwa ine, akadali ndi chimwemwe cha nthabwala yake.

"Koma iwe, kumalo amenewo unkakafunako chiyani? Kuti ufike pa tsiku lobadwa umadutsa zitseko zinayi. Munthu safikako poterereka." Anatulutsa foni yake. "Ngati nkhani inali yobisa zaka, taona. Pambali pa tsikulo pali kachizindikiro aka. Ukadina umasankha amene aziona: aliyense, anzako okha, kapena iwe wekha. Chaka chokha ukhozanso kuchibisa. Azimayi ambiri amabwera kudzachita zimenezi, ena amandiuza monong'ona. Palibe chotseka akaunti."

Ananena mongothandiza. Sankadziwa chimene wagwira. Ine ndinayang'ana kachizindikirako, kakang'ono ngati nsabwe, ndipo nkhope yanga inatentha mpaka m'makutu. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kamwetulira kaja kanali katapita.

Tinayenda mpaka kudutsa ogulitsa nsapato. Pafupi ndi mpope wa madzi amayi anaima.

"Ndani wakuseka?"

"Palibe."

"Kachete, Chingerezi chimandivuta, koma iwe ndimakuwerenga. Tsiku langa lobadwa linali Lachiwiri. Lachitatu tsamba latsekedwa. Ndani wakuseka?"

Ndinatulutsa foni yanga, ndinatsegula gulu la kalasi, ndinakwera m'mwamba mpaka pa tsikulo, ndinawapatsa. Zimenezo zinali m'chinenero chathu, sanafune womasulira. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Pa mawu a mnyamata uja chala chawo chinaima. Ngolo ya makatoni inadutsa, woikoka akukuwa kuti tipatuke, amayi anasuntha osachotsa maso pa foni.

"Uyu wa chidoleyu ndi mwana wa a nesi aja?"

"Eya."

"Ndinamuluka ulere tsiku la mayeso ake oyamba." Anandibwezera foni. "Iwe unayankha chiyani?"

"Sindinayankhe."

"Unakayankhira pa tsamba langa."

Ndinayamba kulira, mwakachetechete monga ndimalirira. Sanandigwire. Sanandikalipirenso, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Ine anandiseka kale," anatero, akuyang'ana kumsewu. "Pa zaka 15 zomwezo. Anzanga a m'kalasi, aphunzitsi, amayi a kutchalitchi, ngakhale anamwino tsiku lobereka. Ndinkayenda nawe kumbuyo anthu nkumafunsa kuti mayi wa mwanayu ali kuti. Ndinazolowera. Ndinkati bola mwini wakeyu akudziwa kuti mayi ake ndine." Anakonza mpango umene anali ataubwezera kumutu mokhota. "Tiye. A Wailesi ali okha."

Tisanalowe mu saluni anawoloka msewu. Ndinaima pakhomo pathu ndikuwaona akugogoda kwa a Mawigi, akupinda mawondo pang'ono, manja pamodzi. Atabwera, a Wailesi anafunsa kuti akatani kwa mfiti ija.

"Kukapepesa. Si iwo. Ndinadina ndekha zinthu zosazidziwa."

"Iwe? Ndiye ine ndatukwana munthu wosalakwa chifukwa cha zala zakozo?"

"Ukatukwana umayamba wandifunsa?"

A Wailesi anadandaula mpaka madzulo, kuti mbiri yawo yaonongeka, kuti tsopano azidutsa bwanji. Kangapo anandiuza kuti ndiziwaphunzitsa amayi anga foni, poti ine ndiye wasukulu. Ndinkangovomera ndi mutu.

Masiku atatu otsatira amayi ankalankhula nane za ntchito zokha. Bweretsa chipeso chaching'ono. Thira madzi m'ketulo. Sanali okwiya mooneka, ankandipakulira chakudya monga kale. Koma kalata ya eni nyumba itabwera Loweruka, anaipinda nkupita nayo kwa telala kuti awawerengere. Ndinamva telala akuvutika ndi mawu ena amene ine ndimawadziwa.

Lolemba m'mawa, kutatsala masiku awiri, foni inalira pa shelefu. Amayi anali kupaka mankhwala mutu wa kasitomala, manja ali m'magolovesi.

"Taona," anatero osandiyang'ana. Kenako anaonjezera, "Uwerenge zimene zalembedwa."

Ndinawerenga liwu ndi liwu, Chingerezi chake kaye, kenako kumasulira. Zaka zatsimikizidwa. Akaunti yatsegulidwa. Tsiku lobadwa labwezeredwa monga lilili pa chitupa.

A Wailesi anaimba nthungululu yaifupi mpaka kasitomala kudzidzimuka. Zithunzi zonse zinalipo. Mauthenga akale analipo, ndipo amayi anapeza kuti Loweruka likudzalo kuli akwatibwi atatu, osati awiri monga ankaganizira. Anavula golovesi limodzi, anayamba kujambula mawu opepesa kwa uyu ndi uyu, akuseka, akuti foni inawachita chipongwe.

Kasitomala atalowa pansi pa chowumitsira, phokoso litadzaza chipinda, anandikodola. Tinaima pakona ya beseni. Anandipatsa foni.

"Kachizindikiro kaja ka Dokotala. Kapeze."

Ndinadutsa zitseko zinayi zija. Tsiku linali pamenepo, chaka chake chonse.

"Bisa."

"Amayi, musatero. Zisiyeni choncho."

"Chiyani? Sindikumva."

Chowumitsira chinkalira. Ndinafunika kukweza mawu, kunena kuti sindikufuna abise, kuti olakwa ndi a m'kalasi aja ndi ine, kuti 15 ija ndi imene inandipatsa mayi. Ndinali nditazikonza mumtima masiku atatu. Koma a Wailesi anali pafupi, kasitomala ankationa pagalasi, ndipo mawu anga sanakwerepo pamwamba pa makina amenewo chibadwire.

"Ndati zisiyeni," ndinabwereza, pang'ono pomwe.

"Zaka zonsezi sindinabisepo," anatero pafupi ndi khutu langa. "Sindinkadziwa kuti zikulemera munthu. Ukubwera ulendo wa ku koleji, ukakumana ndi ena odziwa kuchotsera. Bisa, mwanawe."

Zosankha zinali zitatu. Anandiyang'anira mpaka nditadina chomaliza, cha mwini yekha. Anatenga foni, anaiona ngakhale mawuwo sakanawawerenga, anaiika m'thumba la epuloni. Kenako anavalanso golovesi nkupita kukayang'ana ngati mutu wa kasitomala wauma.